Kuwonjezera pa funso la anata, kimi ndi omae

"Ndaphunzira kuti anata ndiye 'inu' wa Chijapani. Nanga bwanji mnzanga wa ku Japan akuti ndisamawatchule choncho aphunzitsi anga?"

Paja ndinakuyankhani mwachidule kuti muziwatchula sensei, kutanthauza mphunzitsi. Ndabweranso kuti ndifotokoze chifukwa chake, poti nkhaniyi imasokoneza ambiri.

Anata ndi mawu aulemu ndithu, koma amagwira bwino pamene simukudziwa dzina la munthu, ngati m'zikalata zofunsa mafunso kapena potsatsa malonda. Mukawagwiritsa ntchito kwa wamkulu amene mukumudziwa, amamveka ngati mukudziyesa wofanana naye, kapena mukumutalikira dala. Chodabwitsa n'chakuti mawu omwewo akazi ena okwatiwa, makamaka achikulire, amaitanira amuna awo mwachikondi.

Ndiye chitani chonchi. Ngati aphunzitsiwo ndi a Tanaka, pofunsa ngati apita nenani "Tanaka-sensei wa ikimasu ka", ngakhale mukuwayang'ana m'maso. Dzina ndi udindo zimalowa m'malo mwa "inu". Ngati zikudziwika kale amene mukunena, siyani zonse, munene "ikimasu ka" basi. Kwa mnzanu wa kuntchito, dzina la banja ndi -san n'zokwanira.

Palinso mawu ena otanthauza "iwe". Kimi amachokera pamwamba kupita pansi, ngati bwana kwa wantchito wachinyamata. Omae ndi wa anyamata ozolowerana kwambiri, ndipo kwa mlendo ndi chipongwe. Temee ndi kisama ndi mawu a ndewu. Muwamva m'makatuni, koma chonde musawayese pa munthu.