Feteleza wogwirana m'nkhokwe ya ku Dedza: timuwerengere pa mtengo uti?

Akuluakulu odziwa za akaunti, ndithandizeni. Ndimalemba mabuku a sitolo ya zipangizo za ulimi pa boma la Dedza ndipo tikutseka chaka. M'nkhokwe mwatsala matumba 40 a feteleza omwe analowa pa K95,000 thumba limodzi, kuphatikizapo thiransipoti. Akhala miyezi 14, ndipo chinyezi cha kuno chawagwiranitsa, ena aumiratu gwa!

Lamulo la IAS 2 likuti katundu alembedwe pa mtengo wotsika pakati pa womwe tinagulira ndi womwe tingapeze tikagulitsa, titachotsa zowonongera pogulitsapo. Alimi a mbatata ya kachewere akulonjeza K88,000. Kuphwanya zibuma, kusoka matumba atsopano ndi kunyamula kudya K5,000 pa thumba. Kutsala K83,000, ndiye kuti tichotse K12,000 pa thumba, zonse pamodzi K480,000.

Abwana akukana. Akuti mbewu ya chimanga yakwera mtengo, ndiye phindu lake likwirire. Ine ndikuona kuti katundu aliyense ayesedwe payekha. Ndikulondola?

Chinanso: mtengo wongolonjezedwa pakamwa, owunika mabuku angaulandire? Kapena ndidikire malisiti a matumba ogulitsidwa chaka chitatsekedwa?