Ndimuuza bwanji zotsatira za 360 osaulula oyankha?

Anzanga a HR, ndithandizeni. Tinachita kafukufuku wa 360 pa manejala wina: anadziyesa yekha, anamuyesanso bwana wake, anzake 5 ndi omwe amawayang'anira 3. Pa kumvetsera ena anadzipatsa 5 pa 5, koma atatuwo anamupatsa 2, 2 ndi 4. Vuto langa ndi ndemanga. Mmodzi analemba kuti amamudula mawu pamsonkhano wa Lolemba, ndipo kalembedweko aliyense angadziwe mwiniwake. Tinawalonjeza chinsinsi, sindikufuna munthu avutike chifukwa chonena zoona. Kodi ndilembenso ndemangayo m'mawu anga, kapena ndiphatikize atatuwo ndi anzake asanu aja? Ndikuopa kuti ndikaphatikiza, kusiyana kwa 5 ndi 2 kubisika, pomwe ndi kumene ayenera kukuona.