K60,000 yoti Google idziwe kuti domeni ndi yanga, ndilipire?

Mayi a loji, Likhubula: Abale, ndithandizeni nzeru. Mnyamata amene anandikonzera webusayiti akuti ndimupatse K60,000 kuti aike chinthu china chake chotchedwa TXT, ati Google Search Console itsimikize kuti domeni ndi yanga. Ndikufuna ndiziona mawu amene alendo okwera phiri amalemba pofufuza malo ogona. Koma ndalamayi ndi yoyeneradi?

Bambo a golosale, Chitakale: Lipirani mayi. Ine chiikireni shopu yanga pa mapu a Google, anthu sasocheranso.

Achimwene a makompyuta, Luchenza: Za mapu ndi nkhani ina bambo. Mayi, rekodi ya TXT sigulidwa. Google salipiritsa, ndipo kampani yosunga domeni imakulolani kuika nokha. Lowani mu Search Console, musankhe Add property, kenako Domain, mulembe domeni yanu popanda www. Akupatsani mzere woyamba ndi google-site-verification=. Muukope wonse, mupite komwe kuli domeni yanu, pa tsamba la DNS limene limasunga marekodi a domeniyo, muonjezere rekodi yatsopano motere:

```
Type: TXT
Host: @
Value: google-site-verification=...
TTL: 3600
```

Mukasunga, bwererani kwa Google mukadine Verify. Ntchito yake ndi yomweyi basi.

Aphunzitsi, Thyolo boma: Zoona, koma pamafunika kudikira maola 48 musanadine Verify. Mukafulumira amakutsekerani.

Achimwene a makompyuta: Satsekera aphunzitsi. Ikakana mumangoyesanso. Nthawi zambiri imatheka pakangopita mphindi zochepa, ngakhale kuti masiku ena imachedwadi mpaka mawa lake. M'malo mongodikira, funsani nokha pa kompyuta, muike domeni yanu pamene pali example.mw:

```
nslookup -type=TXT example.mw
```

Mzere wanu ukaoneka pamenepo, Google nayo iuona posachedwa. Ukapanda kuoneka tsiku lonse, kawirikawiri ndiye kuti mwaika kolakwika. Anthu amaika rekodi ku kampani komwe anagula domeni, pomwe maseva oyankha za domeniyo anawasamutsira ku kampani yosunga webusayiti kapena ku Cloudflare. Kuti mudziwe koyenera, sinthani TXT pa lamulo lija muike NS, muone dzina la kampani imene ituluke. Rekodi ikaikidwe kumeneko.

Asisi a kopaletivi ya tiyi, Thyolo: Ine zoti aliyense angaike yekhazi ndimakayika. Kwathu kuno mlembi wathu anachita yekha, mawa lake maimelo opita kwa ogula anayamba kugwera mu Spam, ena kubwerera. Tinalipirabe munthu wodzakonza. Bola kulipira poyamba pomwe.

Achimwene a makompyuta: Asisi, mosakayika mlembiyo anapeza rekodi ya TXT ilipo kale, yoyamba ndi v=spf1, n'kulemba mzere wa Google pamwamba pake. Rekodi imeneyo ndi imene imauza maseva a ena kuti ololedwa kutumiza imelo m'dzina la domeni yanu ndani. Domeni imodzi imatha kukhala ndi marekodi a TXT ambirimbiri pa @ pomwepo, ndiye mumadina Add, osati Edit. Yokhayo ya v=spf1 ndi imene siyenera kukhalapo kawiri.

Mayi a loji: Ndayesa kulowa komwe mukunenako. Pasiwedi ndilibe. Zonse amasunga ndi mnyamata uja, ine ndimangomutumizira ndalama pa Airtel Money chaka chikatha.

Achimwene a makompyuta: Apa ndiye pagona nkhani. Mzere uja umapangidwira akaunti ya Google imene yaupempha. Akautenga pa akaunti yake, wotsimikizidwa kuti ndi mwini ndi iyeyo, inu mungokhala woitanidwa amene angathe kumuchotsa tsiku lililonse. Utengeni pa Gmail yanu, mumutumizire kuti angouika. Ndipo muuzeni asadzaufufute mzerewo Verify ikatheka, chifukwa Google imabwera kudzaonanso, ikaupeza palibe umwini umachoka.

Aphunzitsi: Komabe mnyamatayo nayenso adye. Bandulo ndi nthawi yake si zaulere.

Asisi a kopaletivi: Eya. Ngati m'ndalamamo muli kuika zonse za imelo bwinobwino n'kuyesa kuti zikufika, ine sindikuona vuto.

Achimwene a makompyuta: Ya fanta ndi bandulo apatsidwe, sindikukana. K60,000 ndingalipire pokhapokha ngati akusamutsa domeni kuti ikhale m'dzina la mayi, n'kupereka pasiwedi yonse. Pa mzere umodzi wokha, ayi.

Mayi a loji: Ndamuimbira. Mzere wanga wavomera kuika mawa, ndipo watsitsa kufika K25,000. Za pasiwedi akuti akauntiyo muli madomeni a makasitomala ake ena, ndiye sangandipatse. Pamenepa nditani?

Achimwene a makompyuta: Chifukwa chake n'chomveka ndithu. Tsegulani akaunti yanuyanu ku kampani yomweyo, iye asamutsire domeni yanu yokha kumeneko. Musanamupatse ndalama, mufunseni kuti pa domeniyo panalembedwa dzina la ndani.