Autido ya eyakoni mukampata ka masentimita 80, ndiike kapena ndikane?

Kaspanala: Akuluakulu ndithandizeni maganizo ndisanaboole khoma la eni. Ndili ndi ntchito yoika eyakoni ya 12000 BTU kuchipinda chogona, chipindacho ndi mamita 5 mulitali, 3 mulifupi. Bedi mutu wake wagunda khoma lalitalilo, moyang'anana ndi bedi kuli wadiropu yofika mpaka kusiling'i. Eni nyumba akufuna indo, makina a mkati aja, ikhale pamwamba pa mutu wa bedi ndiye autido, makina a panja, ikhale kuseri kwa khoma lomwelo kuti mapaipi asaoneke. Koma kuseriko ndi kampata ka pakati pa nyumba ndi mpanda, ndayeza ndi masentimita 80 basi, mpanda ndi wa njerwa wotalika mamita 2. Akuti kumeneko kuli mthunzi tsiku lonse komanso sikuoneka. Khoma lina lakunja ndi lalifupilo, lili ndi windo, koma limawombedwa dzuwa masana onse. Ndipange bwanji?

Wamawaya: Mphwanga eni nyumbawo akunena zoona. Autido imadana ndi dzuwa, ukaika padzuwa kompuresa imatentha imayamba kudya magetsi. Ika mumthunzimo, mapaipi afupikanso, ntchito ya maola ochepa iwe wapita.

Madala Wamafiriji: Achimwene a Wamawaya dzuwa lilidi ndi mbali yake koma tiyeni tiwerengere kaye kampatako. Autido ya saizi imeneyo kunenepa kwake ndi pafupifupi masentimita 30. Ukasiya 15 kumbuyo kuti izikoka mpweya, zomwe ndi zochepa kale, kutsogolo kwatsala 35. Fani ikuponya mpweya wotentha pa mpanda womwe uli masentimita 35, mpweyawo upita kuti? Ugunda mpanda, ubwerera m'mbali ndi pamwamba, ndipo kumbuyo kwa makinawo kukukoka, ndiye ulowanso mu koyilo womwewo. Zili ngati munthu wafunda bulangete kumutu akupuma mpweya wake womwe. Kunja kukhoza kukhala madigiri 32 koma koyilo ikumwa mpweya wa 40 ndi kuposa. Mthunzi wa pamenepo sukuthandiza kanthu chifukwa chomwe chimaziziritsa gasi ndi mpweya wodutsa mu koyilo. Dzuwa limatenthetsa chitsulo chakunja inde, koma mpweya womwe fani imakoka ndi wambiri zedi, bola ukhale watsopano. Mabuku ambiri a makina amenewa amafuna kutsogolo kukhale mita imodzi mpaka awiri popanda chotchinga, tsegula kabuku kako uone okha akuti bwanji.

Wamawaya: Nanga osangoitembenuza madala, iziponya motsata kampatako? Mpweya uzikatulukira kumapeto.

Madala Wamafiriji: Maganizo amenewo pamalo ena amagwira. Koma apa makinawo mulitali ndi pafupifupi masentimita 75 kapena 80 kuphatikiza pa mavavu, ndiye atseka kampata konse. Dzanja lomanga manati lilowera pati? Ndipo mawa likubwerali wodzachapa koyilo kapena kusintha kapasita adzadumpha pamwamba? Mbali ya mavavu imafuna masentimita ngati 60 kuti munthu agwade ndi geji ndi masipanala awiri.

Dada Fuleya: Ine ndikuona vuto si malo ayi, 12000 pa chipinda chimenecho ikhoza kuchepa ngati denga lake ndi lotentha. Auzeni agule 18000 nkhani yatha, yaikulu siivutika.

Kaspanala: Agula kale bwana ili mu katoni, ndipo chipinda cha 5 kwa 3 ikwana. Funso langa ndi poika.

Mayi Geji: Komanso ya 18000 ikanatulutsa kutentha kochuluka mukampata komweko, bwenzi zitaipiratu. Ndiye ine ndiyambe ndi mkati chifukwa aliyense wathamangira panja. Indo ya pakhoma imakoka mpweya pamwamba nkuponya pansi kutsogolo. Ukaika pamwamba pa bedi pa khoma lalitalilo, kutsogolo kwake kuli mamita 3, chotsa kunenepa kwa wadiropu mwina masentimita 60, chotsanso kwa indo yomwe, mpweya uyenda mamita awiri ndi pang'ono nkugunda zitseko za wadiropu. Wina ubwerera msanga pamwamba pomwe pali sensa, makina aganiza kuti chipinda chazizira, ngati ndi wamba kompuresa izima, ngati ndi inveta itsitsa liwiro, pomwe kumapeto kwa chipinda kukadali kotentha. Kasitomala adzakuimbira kuti gasi watha pomwe gasi ali bwinobwino.

Chachiwiri ndi sevisi, ndipo ichi chimandiwawa ine chifukwa ndine ndimadzachapa zomwe ena anaika. Pamwamba pa bedi makwerero uimika pati? Kutulutsa masefa okha munthu aponde matiresi. Pochapa koyilo ndi chigudumu cha fani madzi akuda aja amadontha, uyenera kusuntha bedi lonse. Ndiye tsiku lomwe dereni idzatsekeke ndi ndere madzi adzagwera pa pilo. Uwauze zimenezi eni nyumba, ya pilo imeneyi amamva msanga kuposa ya sensa.

Kaspanala: Mayi ndamva. Khoma lalifupilo windo lili chapakati koma lapendekera mbali imodzi, pamwamba pa njanji ya katani mpaka siling'i pali masentimita 35 okha. Kumbali kwa windo kwatsala khoma la mita 1.2. Indo ndi masentimita 80 mulitali, 29 msinkhu.

Mayi Geji: Pamwamba pa windo iwalako. 35 kuchotsa 29 kwatsala 6, makina apuma bwanji, ndipo chivundikiro chakutsogolo pochichotsa chimafuna uchikwezeko m'mwamba kuti timano take tituluke, sichidzatheka. Katani nayenso azidzatchinga mpweya, komanso pamenepo pali lintala, ukaboola ukumana ndi zitsulo. Pa 1.2 paja ndiye pamalo pake. Siya masentimita 15 pamwamba, kumbali ya kona siya 15 kapena kuposa, zotsalazo zipite mbali ya katani. Uonetsetse kuti mbali imeneyo si yomwe kwafika wadiropu, apo ayi uziponya pa mbali ya wadiropu. Ikakhala pamenepo mpweya uyenda mamita 5 onse, udutsa bedi chopingasa, ukawongola mapiko m'mwamba sugwera anthu kumaso.

Kaspanala: Wadiropu yathera patali, 1.2 ili mbali ya bedi.

Dada Fuleya: Kwa ine kuno ndinapeza ina anaika mukhonde lotsekedwa ndi magalasi, autido imazima ikakwana 2 koloko masana nkudzayakanso yokha madzulo. Anthu awiri anali atathira kale gasi osasintha kanthu. Ndinangotsegula mawindo a khondelo tsiku limenelo sinazime. Ndiye madala zomwe mukunenazo ndinaziona ndi maso, kungoti mwini wake mpaka lero akukana kuisuntha, amangotsegula mawindo.

Madala Wamafiriji: Eya chizindikiro chake ndi chimenecho, m'mawa ndi usiku imagwira bwino, kukatentha imadula. Ndipo kuthira gasi kumangowonjezera vuto chifukwa puresha yakwera kale. Timakina ting'onoting'onoti polumikizira geji pamakhala pamodzi pokha, pa vavu ya paipi yaikulu, ndiye ikamaziziritsa puresha ya mbali yotentha suiona. Ine ndimatenga chopimira kutentha, ndiyeze mpweya kumbuyo kwa koyilo komwe ukulowa, kenako ndiyeze pabwalo pamthunzi patali ndi makina. Zikasiyana ndi madigiri angapo ndiye kuti ikudya mpweya wake womwe. Ndikapana kilampu pa waya ma ampu amakhala akukwera pang'onopang'ono mpaka kupitirira zolembedwa pa chikwangwani chake, kenako kompuresa idula fani nkumazungulirabe yokha. Ya inveta nthawi zambiri siidula msanga, imangodzichepetsa mphamvu, ndiye kasitomala amangoti siikuzizira ngati kale.

Wamawaya: Chabwino ndagonja pa zapansi, koma bwanji mabulaketi m'mwamba kuti fani iponye pamwamba pa mpanda? Mpanda ndi mamita 2 okha. Zatheka malo ambiri izi.

Madala Wamafiriji: Kumbali ya mpweya zimenezo zikhoza kugwira, sindikana, ngati pansi pa makinawo papitirira mpanda ndipo denga lasiya mpata pamwamba. Kaspanala, kuchoka pamutu pa mpanda kufika kudenga ndi zingati?

Kaspanala: Mwina masentimita 70, ndipo denga latulukira kunja pafupifupi theka la kampatako.

Madala Wamafiriji: Makina ndi okwera 55, ndiye atsala pang'ono kugunda denga. Chivundikiro chapamwamba sichidzatseguka, ndipo kapasita ndi bolodi zimakhala pansi pa chivundikiro chimenecho. Makwerero mukampata ka 80 aima chilili, munthu sangagwire ntchito ndi manja awiri. Komanso uziponyera aneba mpweya wotentha ndi phokoso. Ine sindingaike.

Mayi Geji: Ndiye ipite kukhoma la windo lomwelo kunja, koma osati pansi pa windo penipeni, anthu akugona pamenepo. Isunthe cha kumbali. Ndipo usakopeke kudula mapaipi kuti akhale mita imodzi poti zayandikana, makina ambiri amafuna osachepera mamita 3, akafupika kwambiri kunjenjemera ndi phokoso la gasi zimamvekera mkati. Gasi wobwera nawo nthawi zambiri amakwana mamita 5, ukapitirira pamenepo ndi pomwe umawonjezera pa sikelo monga kabuku kanenera, pa mita iliyonse magalamu angapo. Iwe ukhala pakati pa 3 ndi 5 ndiye palibe chowonjezera. Bowo uboole lotsetsereka kunja pang'ono, dereni ikhale pansi pa mapaipi mu mtolomo, izitsika njira yonse osakwera paliponse, sentimita imodzi pa mita ndi poyambira. Usakaithere pa maziko a nyumba.

Wamawaya: Koma dzuwa la masana lija ndiye mwalisiya choncho? Ine ndikanaika kadenga ndithu.

Mayi Geji: Kadenga ndilibe nako vuto kakakhala m'mwamba masentimita 60 ndipo m'mbali muli mosatseka. Chomwe ndimakana ndi zija amawotcherera bokosi la malata kapena keji yothina yopanda chitseko, wabwezanso vuto la kampata lija ndipo pochapa mpaka kuitana wowotcherera.

Madala Wamafiriji: Ine kadengako ndimaona ngati phindu lake ndi lochepa, makinawa anapangidwa kuti azikhala panja. Chomwe ndimasamala ndi insuleshoni ya mapaipi, imeneyo ndiye dzuwa limaidya nkuyamba kufumbutuka, uikulunge tepi bwinobwino kapena ilowe mu tiranki. Ndipo ndikanaika pa sitandi yapansi yokwera pang'ono ndi timalabala kumiyendo, osati kukhoma la chipinda chogona, mabulaketi amatha kulowetsa kulira mu khoma usiku.

Mayi Geji: Apo madala tisiyana pang'ono, pansi imakoka fumbi ndi masamba koyilo imatsekeka msanga, ana nawonso amapinda timapepala ta koyilo. Ine bola bulaketi yofika m'chiuno, munthu ugwira ntchito utaima.

Kaspanala: Zikomo nonse. Ndawaimbira eni nyumba, za indo avomera nditangotchula za madzi pa pilo. Za autido akuti kumbali ya windoko amakhalako madzulo ndiye safuna mpweya wotentha uziwawomba, akufuna tikaone limodzi mawa poti iloze. Ndikayeza kuchokera pa bowo kufika pakona ya nyumba, ikapitirira mamita 5 ndidzafunsanso za magalamu, gasi wake ndi R32.