Vesi yanga yonse ikuthera pa "a", ndithandizeni tisanalowe situdiyo Loweruka

Wakuchibavi: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi nyimbo ya munthu wa kabaza, tikujambula Loweruka likubwerali koma dzulo nditamuimbira polojusa wangondiuza kuti raimu mulibe, akuti mizere ikungothera pamodzimodzi basi. Ine ndimaona ngati ikugwirizana chifukwa yonse ikuthera pa a. Vesi yake ndi iyi:

M'mawa ndikadzuka ndimapalasa
Mvula ikagwa ndimalimbikira
Ana kunyumba akundidikira
Mawa Mulungu adzandithandiza

Vuto lili pati kwenikweni? Nyimboyi ndikuifuna kwambiri chifukwa achimwene anga anandiphunzitsa sukulu ndi njinga yomweyi.

Wamabiti: Aise polojusayo asakuvute, Chichewa ndiye chosavuta kuraima chifukwa mawu onse amathera pa a e i o u, ukangosankha a basi wamaliza. Zikakanika ponya kachizungu kumapeto kwa mzere, biti imakwirira zonse.

Aphunzitsi a ku Luwinga: Zoti mawu onse amathera pa lembo la liwu nzoona achimwene, koma vuto lagona pomwepo. Malembo a liwu alipo 5 okha ndipo aneni pafupifupi onse akakhala osasinthidwa amathera pa a, kudya kugona kulira kupalasa, ndiye khutu la Mchewa linazolowera, a wakumapetoyo silimuwerengeranso ngati kanthu. Tayesani kunena mokweza mawu oti "nyumba" kumapeto kwa chiganizo, mumva kuti mukukoka pa nyu, nyuumba, osati pa mba. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo raimu imene munthu amaimva imayambira pa liwu la phatikizo limenelo mpaka kumathero. Nyumba ndi thumba zikugwirana chifukwa umba yense akufanana. Nyumba ndi mvula zikugwiranako pang'ono, u ndi a alimo koma zapakati zasiyana. Nyumba ndi kudzuka m'mawa palibe chilichonse.

Ndiye taonani vesi yanu. Ndimapalasa akuthera pa asa, adzandithandiza pa iza, awiriwa sakudziwana nkomwe. Apakatiwo, ndimalimbikira ndi akundidikira, akugwirana ndithu mpaka ikira yense, koma kugwirana kwake nkwa msintho wa mneni, ira ameneyu mungamumate pa aneni mazanamazana, kuphikira kugulira kuyimbira, ndiye womvera amadziwiratu chikubwera. Chimodzimodzi itsa, ana ndi idwa. Sikuti nzoletsedwa ayi, kungoti vesi yonse ikadalira zimenezi imamveka ngati munthu akuwerenga ndandanda.

Wakuchibavi: Aphunzitsi apa mwanditsegula, ndayesadi kunena mokweza ndipo asa ndi iza sizikukumana. Nde ndisinthe aneniwo akhale othera pa e? Ngati ndifike, ndipume, ndidye?

Aphunzitsi a ku Luwinga: Mukatero mwangochoka mumsampha wa a nkulowa wa e. Chotsani mneni kumapeto, muikepo dzina la chinthu. Chichewa chimalola kusuntha mawu osaononga tanthauzo, mzere wanu wachitatu ungotembenuza ukhale "Ana akundidikira kunyumba", basi mwapeza umba, ndipo munthu wa kabaza ali ndi thumba. Mayina amathera paliponse, moto, khosi, ulendo, mpweya, chulu, komanso dzina limaonetsa chinthu chooneka ndi maso. Kulimbikira sitikuona, koma thumba lopanda kanthu tikuliona.

Mlongo wa kwaya: Ine ndingoonjezera zomwe zinandichitikira. Chaka chatha ndinalemba nyimbo ya ukwati wa mng'ono wanga ndipo ndinakhala masiku atatu ndikusaka mawu othera pa ondi kuti agwirane ndi chikondi, sindinapeze olo amodzi ogwira mtima. Mapeto ake ndinangotsata malembo a liwu okha, o ndi i, zapakatizo ndinazisiya zisiyane, ndiye kunabwera limodzi, misozi, msodzi, khosi, ngozi. Ndinaika chikondi ndi limodzi ndipo anthu aku tchalitchi sanaone chachilendo, anaimba bwinobwino. Poimba timakoka liwulo ndiye nd ndi dz zimangodutsa mwachangu. Koma ndaona kuti pa ndakatulo yolakatula popanda zoimbira sizibisika chimodzimodzi, pamenepo anthu amamva kuti zasiyana.

Komanso chonde abale nyanja banja manja panja tazipumitseniko, mtima ndi nsima nazonso zatopa.

Madala a Ndakatulo: Ana anga ine ndiyankhule mosiyana pang'ono. Zoti mzere uliwonse uzigwirana ndi unzake kumapeto sizimene nyimbo za pamtondo kapena za kumaliro zimadalira. Kwathu kukoma kumachokera pobwereza ndi kumayambiriro kwa mawu. Tamverani mwambi uja, walira mvula walira matope, kumapeto kulibe kufanana kulikonse koma palibe amauiwala. Agwirizanitsi athu amatipatsa kale nyimbo yaulere, ukati "chisanu cha Juni chaluma" wamva chi cha cha akugunda ngati ng'oma. Inu mukulimbana ndi mchira wa mzere mutu mwausiya. Sindikuletsa raimu yanuyo, kungoti musakhotetse Chichewa chifukwa cha iyo, ndamvapo ena akuti "kunyumba ine kupita ndifuna" kuti a agwe kumapeto, amenewo si mayankhulidwe a munthu.

Wakuchibavi: Madala chisanu cha Junicho ndachitenga, ndi Mzuzu weniweni ameneyo, m'mawa zala zimachita kuuma pa handulo. Ndalemba chonchi:

Chisanu cha Juni chaluma zala
Ndafika Katoto ndili ndi njala
Ana akundidikira kunyumba
Koma ine ndilibe kanthu m'thumba

Ndawerenga maphatikizo ndapeza 11 mzere uliwonse koma ndikaika pa biti womalizawo ukusefukira, thumba akugwa mochedwa. Chikuchitika nchani?

Aphunzitsi a ku Luwinga: Mwaiwala m. M'thumba ndi maphatikizo atatu, m thu mba, m ameneyo amaima payekha chifukwa ndi mu wofupikitsidwa, ngati wa mu mtima kapena m'mimba. Ndiye mzere wanuwo uli ndi 12, ndipo raimu ikafika mochedwa ngakhale ikhale yabwino bwanji imamveka ngati yaphonya. Yesani "Ine ndilibe khobidi m'thumba", amenewo ndi 11 ndendende mukawerengera m.

Wamabiti: Apa aphunzitsi ndikutsutsaniko pang'ono, pa maiki munthu sanena koma ine, amati komine, a ndi i zimamezana nde mzere wa mwanayu ukhoza kukwana osasintha kanthu, bola aziimba momwe amayankhulira. Ndipo ana akundidikira nayenso a awiriwo amalumikizana, ndiye ngati ameza pamenepo mzere wachitatu ndi umene ukuperewera, mwina nchifukwa chake wachinayi akuumva kutalika. Kuwerenga papepala ndi kuwerenga pakamwa nzosiyana, ajambule pa foni amvere yekha.

Aphunzitsi a ku Luwinga: Mwanena zoona, pamenepo sindinaganizepo. Aone yekha pamene akumeza.

Kadzidzi wa ku Zolozolo: Amwene ife a rapu timasaka malembo a liwu atatu osati awiri. Katoto ali ndi a o o, nde maloto akulowa, pa moto akulowanso ngakhale ali mawu awiri, palibe lamulo loti raimu ikhale liwu limodzi. Chinanso timamata timichira tija, yi yo ko po, chifukwa tikamata pokoka pamasuntha. Njala umakoka pa nja, koma njalayi ukukoka pa la, nde mwadzidzidzi ikugwirana ndi amayi komanso ayi. Bola osamata kamchira komweko mbali zonse, mawanso panonso inenso ndi ulesi womwewuja wa ira.

Ndipo tili ku Mpoto kuno, Chitumbuka tisachiope. Yewo amagwirana ndi amenewo mwaudongo. Kukaya ndi kutaya. Komanso kaya wa Chichewa uja wosadziwa ndi kaya wa kumudzi, munthu wa kabaza anganene kuti kaya ndidzafika liti kukaya, aliyense pa depoti amva zonse ziwiri. Za chizungu zomwe akunena Wamabiti ine ndimakonda mawu omwe tinawatenga kale, foni, loni, amagwirana ndi moni osamveka kukakamiza.

Mlongo wa kwaya: Nanga amvekero bwanji? Palibe wawatchula. Zii, bii, mbuu, psuu, gwa. Amenewa ndi a phatikizo limodzi ndiye mphamvu yonse imagwera kumapeto kwenikweni, kusiyana ndi mawu ena onse mu vesi, khutu limadzidzimuka. Achimwene mutati

Tayala laphwa, kumwamba kuli bii
Foni ya bwana nayonso ili zii

mwaonetsa mvula ikubwera komanso mwini njinga sakuyankha. Kungoti musawachulutse, awiri pa vesi akwana.

Wakuchibavi: Achemwali imeneyo ndaikonda zedi, ikhala mizere yotsekera vesi. Ndili ndi funso lina, pa kolasi ndimafuna ndinene kuti "takangana mtengo pansi pa mtengo", kasitomala akukana kulipira zomwe tinagwirizana. Imeneyi ndi raimu kapena ndikubera?

Aphunzitsi a ku Luwinga: Ndi mawu awiri osiyana ngakhale timawalemba mofanana. Mtengo womera uja liwu limakwera pa te, mtengo wa malonda limakhala pansi ponse. Poyankhula zimamveka bwino. Vuto ndi poimba, chuni chikakweza pa te wa mtengo wa malonda mwausandutsa wa nkhuni. Konzani kuti woyambayo aimbidwe motsika, wachiwiri akwere, chuni chitsate kayankhulidwe.

Madala a Ndakatulo: Anthu amva ndithu chifukwa "pansi pa" akuwauza kale kuti ndi mtengo uti, za kukwera ndi kutsikazo musade nazo nkhawa kwambiri. Kwa ine kumeneku ndi kuseweretsa mawu, kokoma, koma raimu sindingakutche.

Kadzidzi wa ku Zolozolo: Kwathu ku rapu ena akuuzani kuti mwabwereza liwu chifukwa chosowa lina, ena aimirira kukuwa. Ine ndingaisiye mkati mwa mzere momwe ililimu kenako mzere wotsatira uthere pa engo wina, malo ena a mpikisano amafuna zimenezo.

Wakuchibavi: Engo wina nde ndamusaka kuyambira masana, ndangopeza chilengo basi ndipo sichikukhudzana ndi kabaza. Ulendo akuyandikira, e ndi o alimo, ndiyesa njira ya achemwali ija ndione ngati nd ndi ng zibisike pa biti. Ndajambula pa foni monga ananenera Wamabiti, zoonadi ndikumeza pa ana akundidikira koma komine sindikumeza, ndiye ndatenga wa khobidi uja ndipo wachitatu ndaika "Ana onse akudikira kunyumba" ndikuona ngati ukukwana ndikameza na o. Usikuuno nditumiza voisi muimve, makamaka pa mtengopo aphunzitsi mundiuze ngati ndakweza polakwika.