Seva ikhale ku Nchalo kapena pa kilaudi?

Wosunga mabuku, Nchalo: Akuluakulu, tithandizeni nzeru. Kampani yathu imagula thonje ndi chitowe. Ogwiritsa ntchito ERP, pulogalamu yoyendetsera kugula, sitoko ndi maakaunti, adzakhala 35: ku likulu kuno ku Nchalo 22, otsalawo ku madepoti a Ngabu ndi Bangula. ERP yomwe tikufuna ndi Odoo, koma intaneti imangodukaduka. Tigule seva yathu kapena tilipire kilaudi, seva ya kampani ina yopezeka kudzera pa intaneti?

Wamakompyuta, Ngabu: Gulani seva basi mayi. Intaneti ikaduka ntchito siima, komanso kilaudi amalipitsa m'madola. Kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Woika manetiweki, Chikwawa: Za madolazo nzoona achimwene, koma seva ya ku Nchalo ipulumutsa anthu 22 okha amene ali nayo nyumba imodzi. Wa ku Bangula adzaipezabe kudzera pa intaneti, ndipo tsopano mizere iwiri iyenera kukhala yamoyo nthawi imodzi, wake ndi wa ku Nchalo. Pa kilaudi ndi wake wokha. Ndiye funso ndi lakuti: malisiti ambiri amalembedwa kuti?

Musanasankhe, yezani intaneti ya depoti iliyonse sabata ziwiri, m'mawa, masana ndi madzulo, ndi lamulo ili pa kompyuta ya Windows:

```
ping -n 600 8.8.8.8
```

Imatenga mphindi pafupifupi 10. Musatengeke ndi liwiro, ERP sidya deta yambiri. Onani pamene palembedwa `loss`, peresenti ya mauthenga otayika panjira. Ikamapitirira 5 peresenti, kalaliki amadina `Validate`, sikirini nkuima, iye nkuganiza kuti sizinalowe nkulembanso lisiti yomweyo. Sitoko imatupa choncho.

Mwini sitolo, Bangula: Ife Odoo yathu imagulitsa bwinobwino netiweki kulibe.

Woika manetiweki: Imeneyo ndi `Point of Sale` bambo, imasunga malonda mu bulawuza mpaka netiweki ibwere. Kugula mbewu, sitoko ndi maakaunti sizitero.

Wamagetsi, Nchalo: Mukasankha seva, werengeraninso magetsi. Seva, rauta ndi switchi zingadye mawati 300, ndiye maola 8 ndi mayunitsi 2.4. Batire ya lifiyamu ya mavoti 48 ndi maampu 100 imasunga 4.8, ikukwana. Chovuta ndi kutentha. Mu Okutobala kuno timapitirira madigiri 40, choncho chipindacho chimafuna choziziritsira, ndipo chimenecho chimadya magetsi kuposa sevayo. Isakhalenso pansi, madzi a Freddy tonse tinawaona. Bakapu ya usiku uliwonse izituluka m'chigwa muno.

Wamakompyuta: Nanga depoti iliyonse itakhala ndi kaseva kake, usiku nkumalumikizana?

Woika manetiweki: Ayi ndithu. Thumba limodzi lidzatuluka m'madatabesi awiri, manambala a mainivoisi nkuwombana. Ine ndingasankhe kilaudi, rauta ya masimu awiri, TNM ndi Airtel, pa depoti iliyonse, ndi Starlink ku Nchalo. Zonse zikaduka, buku la malisiti lokhala ndi chilembo cha depoti, kenaka kulowetsa tsiku lomwelo.

Wosunga mabuku: Nthawi yokolola malisiti ambiri ndi a ku Bangula. Koma Starlink ndi kilaudi pamwezi abwana sanavomere, akuti ndiwabweretsere kaye zotsatira za `ping`. Tiyamba kuyeza Lolemba.