Mphatso ya mdzukulu wanga yapezeka

"Ndingamugulire chiyani mdzukulu wanga wa zaka 8, yemwe ndi wamanyazi ndipo amakonda kusewera yekha?"

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha. Ndinatsatira malangizo a mayi amene anati ndiyambe ndaona zimene mwanayo amachita akakhala yekha, ndipo ndinapeza kuti amajambula mabwato ndi makala kuseri kwa nyumba. Choncho ndinasiya maganizo a mpira, n'kumugulira ku Salima kuno kope lopanda mizere, mapensulo amitundu ndi chosongolera.

Ndinamupatsa tili awiri pakhonde, chifukwa mwana wotere akapatsidwa mphatso pagulu amangozyolika, osaitsegula. Sananene zambiri, koma mawa lake anandionetsa asodzi a ku Senga Bay akukoka khoka. Musaiwale chosongolera, pakuti mapensulo otchipa amathyoka msanga, ndipo kusongola ndi lezala n'koopsa kwa mwana.